Wagwa Bwanji? Funso Loyamba la Kochi Wosewera Akagwa pa Tireningi

Nkhani yokambidwa kwa makochi a matimu a achinyamata a ku Kanjedza ndi madera oyandikira

Ena mwachokera konkuno ku Kanjedza, ena ku Chiwembe, ku Bangwe, ku Chinyonga ndi ku Misesa. Ambiri mwa inu mumaphunzitsa ana pa bwalo la fumbi la sukulu, popanda dokotala, popanda ambulansi, muli ndi wezulo m'khosi ndi chigubu cha madzi basi. Pa Kamuzu Stadium tsiku la masewero a ligi pamakhala anthu achipatala. Pa tireningi ya Lachiwiri masana, wachipatala ndi inuyo.

Ndatha zaka ndikuthandiza osewera ovulala, ndipo chimene ndaona kawirikawiri n'chakuti mwana akagwa, anthu safunsa kanthu. Wina wamugwira kale phazi akukoka, wina akumukhuthulira madzi kumutu, wina akumukanula kukamwa kufuna lilime. Onsewo ndi achifundo, koma palibe amene wayamba wayang'ana. Ndiye lero ndabwera ndi funso limodzi loti muzidzifunsa musanamukhudze mwanayo: wagwa bwanji? Wapinda phazi? Wagwira katumba akukuwa? Wagundana ndi mnzake? Kapena wangoti khu, yekha, popanda womukhudza? Yankho lake ndi limene likuuzeni ngati muli ndi sabata yochira, kapena mphindi zitatu zokha.

Tiyambe ndi kubinya, poti ndi kumene mumakumana nako pafupifupi sabata iliyonse, makamaka inu a mpira wa manja. Mtsikana wadumpha, watera paphazi la mnzake kapena pakadzenje, phazi lapindikira mkati. Chimene chavulala pamenepo ndi timitsempha tolimba tomangirira mafupa a kakolo, mbali yakunja. Tatamuka mopyola, kapena tang'ambika. Palibe fupa limene lachoka m'malo mwake loti mulibwezere. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti chizolowezi chokoka phazi mpaka lilire kuti "lalowa" chithe. Ngati ndi kubinya chabe, mukuonjezera kung'ambako. Ngati fupa lathyoka, mukulisuntha.

Nanga mudziwa bwanji kuti lathyoka? Kutupa sikunena zoona, chifukwa phazi lobinya limatha kutupa kuposa lothyoka. Madokotala a ku Ottawa m'dziko la Canada anakonza njira m'chaka cha 1992 imene zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito posankha woti ajambulidwe ekisire, ndipo imangofuna chala chanu. Muvuleni nsapato ndi sokosi. Pakakolo pali mafupa awiri otukuka, lakunja ndi lamkati. Dinani pansonga ya lililonse, kenako kwerani m'mphepete mwake chakumbuyo masentimita 6, ngati kutalika kwa chala chanu chamkombaphala. Dinaninso kafupa kotukuka m'mbali mwa phazi, pakati pa chidendene ndi kachala kakang'ono, ndi kena ka mbali yamkati, pamwamba pa pamene phazi limapindika ngati uta. Mukadina fupa lenilenilo mwana n'kulumpha ndi ululu, ameneyo ndi wa ekisire. Kenako mufunseni ayende mapazi 4. Ngakhale atsimphine, bola akuponda. Akalephera, apite kuchipatala. Ngati phazi laoneka lokhota, kapena zala zachita dzanzi ndi kuzizira, musayese n'komwe zonsezi. Limangeni mmene lililimo ndi katoni yolimba ndi chitenje, muthamange naye ku Gulupu.

Kwa ana a zaka 10 mpaka 15 khalani okayikira kwambiri. Mafupa awo akukulabe, ndipo kumapeto kwa fupa kumakhala malo ofewa amene amathyoka msanga kuposa mitsempha. Chimene kwa wamkulu chikanakhala kubinya, kwa mwana chimatha kukhala kuthyoka.

Mukaona kuti fupa lili bwino, mwanayo atuluke m'bwalo ndipo asabwereremo tsiku limenelo. Ikani chozizira pamalo potupapo mphindi 15, chokulunga m'kansalu kuti chisapsereze khungu. Ayisi sapezeka pabwalo, koma pageti la sukulu iliyonse pali mayi wogulitsa mafirizesi. Gulani atatu, kulungani m'jezi, ntchito yagwirika. Mukatero mangani bandeji yotamuka kuyambira kumunsi kwa zala, kuzungulira phazi ndi kakolo mopingasa ngati nambala 8, mpaka kumtunda pang'ono. Mukamaliza tsinani chikhadabo cha chala chachikulu mpaka chiyere, n'kusiya. Mtundu ukapanda kubwerera m'masekondi 2, mwathinitsa, masulani. Agone, phazi likhale pamwamba pa chikwama kuti lipose chifuwa.

Vuto lalikulu limayambira kunyumba. Mwana akafika, agogo ake amatereka madzi kuti amuthowe, amalume amabwera ndi mafuta otentha kudzasisita, ena mpaka kutema mphini. M'masiku awiri kapena atatu oyamba, kutentha ndi kusisita kumachulukitsa magazi otayikira mkati, ndipo phazi limadzuka ngati dzungu. Choncho musamutumize yekha ndi uthenga wapakamwa. Imbirani mayi ake kapena mumuperekeze, muwauze mwaulemu kuti, "Mayi, kuthowa kudikire masiku atatu." Akamva ululu amwe panado. Pakatha masiku awiri ayambe kuponda pang'onopang'ono, chifukwa phazi logonekedwa sabata yonse limauma. Ngakhale dokotala wa ku America, Gabe Mirkin, amene anatchukitsa njira yopumitsa ndi kuziziritsayi mu 1978, anadzanena yekha mu 2014 kuti kuziziritsa ndi kupumitsa mopitiriza kumachedwetsa kuchira. Kubinya pang'ono kumatha sabata imodzi kapena ziwiri, kwakukulu masabata 6 kapena kupitirira. Musamubwezere m'timu chifukwa choti Loweruka kuli fainolo. Ayambe waima ndi mwendo wovulalawo masekondi 30 osadzandira, n'kudumpha nawo ka 10 osamva ululu.

Za kukokana kwa minofu sinditayapo nthawi yambiri. Zimabwera chakumapeto kwa tireningi, minofu itatopa, makamaka kwa mwana amene wangobwera kumene kuchokera ku holide. Katumba amauma gwa ngati mwala, ndipo mumamuona ndi maso. Mugonekeni chagada, wongolani bondo, kankhirani phazi chakumutu kwake pang'onopang'ono, gwirani masekondi 30, bwerezani mpaka afewe. Amwe madzi, ndipo ngati watuluka thukuta kwambiri, paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi ndi yabwino. Ikasowa, sungunulani masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi. Koma apanso funsani kuti zayamba bwanji. Akanena kuti anali pa liwiro ndipo anamva ngati wina wamugenda ndi mwala kumbuyo kwa ntchafu kapena pamwamba pa chidendene, mnofu kapena mtsempha wang'ambika. Mukautamula, mukung'amba pong'ambika kale. Ameneyo musamalireni ngati wobinya, ndipo akalephera kuima ndi zala, apite kuchipatala. Chinanso: mwana amene thupi lonse likupweteka pambuyo pa tireningi yoopsa, mkodzo wake n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, impso zake zili pangozi, ndipo asagone kunyumba usiku umenewo.

Tsopano tifike pa kukomoka, pamene ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa apa ndi pamene timataya ana.

Pali kukomoka kumene sikuopsa. Mwana wathamanga, waima mwadzidzidzi, kapena mwawaimika padzuwa nthawi yaitali mukuwalankhula. Magazi atsikira kumiyendo, kumutu achepa. Amayamba wadandaula chizungulire, chidima m'maso, nseru, kenako amafooka n'kugwa. Amapuma bwinobwino. Musamudzutse kapena kumukhazika tsonga. Agone chagada pamthunzi, kwezani miyendo yake pachikwama kapena paphewa panu, masulani zothina. Pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri amatsitsimuka, ndipo amakudziwani. Akatsitsimuka ndithu, akutha kumeza, mufunseni kuti wadya liti. Tonse tikudziwa kuti ana ambiri amachoka kusukulu n'kubwera kubwalo ali ndi tiyi wam'mawa yekha m'mimba. Mupatseni Sobo wosungunula, madzi a shuga kapena nthochi. Koma munthu amene sanatsitsimuke musamuthire kanthu kalikonse m'kamwa, ngakhale dontho. Amatsamwa, ndipo madziwo amalowa m'mapapo.

Ndiye pali kugwa kwina. Mnyamata akuthamanga pakati pa bwalo, mpira uli kutali, palibe wamukhudza, ndipo wangoti khu chafufumimba, osatchinjiriza n'komwe ndi manja. Kugwa kotero kutengeni kuti mtima waima, mpaka mutatsimikiza kuti si choncho. Ndi mmene anagwera Marc-Vivien Foé wa Cameroon pa 26 Juni 2003 ku Lyon, akusewera ndi Colombia, ndipo anamwalira ali ndi zaka 28. Atamupima anapeza kuti mnofu wa mtima wake unali wokhuthala mopyola muyeso. Cheick Tioté wa Ivory Coast anagwa pa tireningi, osati pamasewero, ku Beijing pa 5 Juni 2017, ndipo sanadzukenso. Koma ambirife tinaoneranso pa kanema Christian Eriksen wa Denmark akugwa pa 12 Juni 2021 akusewera ndi Finland. Iyeyo ali moyo, anabwereranso kusewera, chifukwa anayamba kumupsinja pachifuwa nthawi yomweyo ndipo makina odzidzimutsa mtima anali pafupi.

Chimene chimanyenga anthu n'chakuti munthu woima mtima sakhala zii nthawi zonse. Amatha kugwedeza manja ndi miyendo kwa masekondi angapo, anthu n'kumati ndi khunyu. Maso amakhala otsegula. Amatha kukoka mpweya mwa apo ndi apo, mobanika, ngati nkonono kapena ngati nsomba yoponyedwa kumtunda. Anthu akaona zimenezo amati, "Akupuma, mukupizeni." Kumeneko si kupuma. Ndi thupi likutsanzika.

Ndikuuzeni zimene ndinaona tsiku lina pa bwalo lina la sukulu mumzinda muno. Mnyamata wa sekondale anagwa motero. Pamene ndimafika, anthu anali atamuzungulira, wina akumukupiza ndi jezi, wina atalowetsa supuni m'kamwa mwake kuti "asameze lilime", mano akutsogolo akutuluka magazi. Ndinafunsa kuti wagwa nthawi yanji, ndipo panalibe wodziwa. Pachifuwa panalibe amene anayikapo dzanja. Tinayesetsa, koma tinali titachedwa. Sindiimba mlandu aliyense wa anthu aja, chifukwa palibe anawaphunzitsa. Koma za lilimezi ndikufuna zithere m'chipinda muno. Munthu sangameze lilime lake, linamangiriridwa pansi pa kamwa. Chimene chimachitika n'chakuti munthu akakomoka lilime limafooka n'kugwera kumbuyo. Mankhwala ake ndi kuika dzanja limodzi pachipumi, zala ziwiri pansi pa chibwano, n'kupendeketsa mutu chakumbuyo. Basi. Supuni, ndodo kapena zala m'kamwa zimangothyola mano ndi kudya nthawi.

Tiyeni tiyende limodzi mmene ziyenera kukhalira. Tinene kuti ndi 4 koloko masana, mnyamata wanu wa zaka 16 wagwa yekha. Thamangani, gwadani pambali pake, mumenyeni paphewa mukuitana dzina lake mokweza. Sakuyankha. Mutembenuzeni chagada, pendeketsani mutu, ikani tsaya lanu pafupi ndi kamwa yake maso ali pachifuwa. Werengani mpaka 10, osapitirira. Musataye nthawi kufunafuna kugunda kwa mtima pamkono, ngakhale ife achipatala timaphonya tikakhala ndi mantha. Ngati chifuwa sichikukwera ndi kutsika mwadongosolo, lozani munthu mmodzi ndi chala: "Iwe, imba foni galimoto ibwere." Wina ayang'ane nthawi. Mukangoti "wina aimbe", palibe aimbe.

Ikani tsinde la chikhatho pakati pa chifuwa, pa theka lakumunsi la fupa lapakati, dzanja lina pamwamba pake. Wongolani zigongono, mapewa anu akhale pamwamba pa manja, psinjani ndi thupi lonse. Chifuwa chizilowa masentimita 5 mpaka 6, n'kuchilola kubwerera chokha musanapsinjenso. Liwiro lake ndi ka 100 mpaka 120 pamphindi, kutanthauza pafupifupi kawiri pa sekondi iliyonse. Ngati munaphunzira, mukapsinja ka 30 muuzireni mpweya kawiri pakamwa mutatsina mphuno. Ngati simunaphunzire kapena mukuopa, ingopsinjani osaleka. Mwina mudzamva nthiti ikuthyoka pansi pa manja anu. Pitirizani, nthiti imapola. Pakatha mphindi 2 mudzakhala mutatopa ngakhale musavomere, ndiye sinthanani ndi wina mosadukiza. Ubongo wosalandira magazi umayamba kuonongeka pakangotha mphindi 4 mpaka 6. Kuchoka kuno kudutsa mumsewu wa Masauko Chipembere kukafika ku Gulupu nthawi yoweruka, inu mukudziwa kuti mphindi zimenezo zimathera musanafike n'komwe pa Chichiri. Choncho musanyamule munthu wosapuma n'kumukhazika pa kabaza pakati pa anthu awiri. Kupsinja kuyambire pabwalo pomwepo, ndipo kupitirire ngakhale m'galimoto, atagona pamalo olimba.

Ndinene moona mtima kuti kupsinja kokha kawirikawiri sikudzutsa mtima. Kumangosunga ubongo mpaka afike makina olembedwa AED, amene amapima okha n'kulankhula zoti muchite. Aliyense angawagwiritse ntchito. Mabwalo athu ambiri alibe, ndipo zimenezi zimandiwawa. Fufuzani sabata ino ngati pali chipatala, kampani kapena kalabu pafupi ndi bwalo lanu imene ili nawo, mudziwiretu khomo lake.

Nanga akakhala kuti sakuyankha koma akupuma bwino? Mugonekeni chammbali, bondo lapamwamba litapindidwa, kamwa italoza pansi kuti masanzi azituluka, ndipo musachotse maso pachifuwa chake mpaka afike kuchipatala. Koma ngati anagundana mitu ndi mnzake kapena anagwera khosi, musamutembenuze pokhapokha akusanza kapena akubanika. Gwirani mutu ndi manja awiri mmene ulilimo. Ndipo aliyense amene wagunda mutu n'kusokonezeka, ngakhale kwa masekondi ochepa, tsiku limenelo wamaliza. Adzakuchondererani kuti, "Kochi, ndili bhobho." Kanani. Wa khunyu leni muchotsereni miyala pafupi, muikireni jezi kumutu, musamupanikize, ndipo kuphuphako kukapyola mphindi 5 thamangirani kuchipatala.

Madzi aja anthu amakonda kukhuthula ali ndi malo ake, ndipo malo ake ndi mu Okutobala ndi Novembala. Mwana amene wathamanga padzuwa n'kuyamba kuyankhula zosamveka, kudzandira, kukwiya popanda chifukwa, thupi lili juu, ndiye kuti kutentha kwa m'thupi mwake kwafika cha m'ma digiri 40. Musanyengedwe poona kuti akutulukabe thukuta. Apa botolo limodzi kumutu silikwanira. Mupititseni pamthunzi, muvuleni jezi, masokosi ndi nsapato, mukhuthulireni ndowa za madzi ozizira thupi lonse, ena akukupiza, mafirizesi m'khwapa, m'khosi ndi m'mphechepeche. Yambani mwamuziziritsa, kunyamula kubwere pambuyo, ndipo m'galimoto mupitirize ndi zitenje zonyowa mawindo ali otsegula. Miyezi imeneyi tireningi iziyamba dzuwa litapendeka, ndipo muziimitsa pa mphindi 20 zilizonse kuti amwe. Kumana ana madzi poti alimbe ndi nkhanza, si maphunziro.

Mwana aliyense amene wakomoka ali mkati mothamanga, ngakhale atadzuka n'kumaseka, asabwerenso kubwalo mpaka atapimidwa mtima. Kuno kwathu ana ambiri ali ndi mitima yoonongeka ndi matenda amene amayamba ngati zilonda zapakhosi, ndipo eni ake sadziwa. Polemba mwana m'timu, khalani pansi ndi makolo ake muwafunse: anakomokapo akusewera? Amamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika kuposa anzake? Pamtundu panu alipo anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono? Ali ndi mphumu, khunyu, shuga kapena siko selo? Lembani m'kope limodzi ndi nambala ya foni ya kholo. Ndipo amene wabwera thupi likutentha, kapena ali pa mankhwala a malungo, akhale pabenchi ngakhale akhale womwetsa zigoli wanu.

M'chikwama chanu musasowe mabandeji otamuka awiri, magolovesi, lumo kapena sizasi, mapaketi a Thanzi, shuga pang'ono, chitenje, ndi nambala za anthu awiri a galimoto okhala pafupi ndi bwalo amene mwagwirizana nawo kale. A Red Cross ndi a St John Ambulance amaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo ndikukulimbikitsani kuti inu ndi kaputeni wanu mukaphunzire, chifukwa tsiku lina wogwayo mudzakhala inu. Zopsinja pachifuwazi sizilowa ndi makutu. Tikapuma pang'ono, tisuntha mabenchiwa, ndipo aliyense agwada pa chidole chili apachi mphindi 2 zathunthu ine ndikuwerenga. Amayi a mpira wa manja ndinu muyambe.